Za Kuwerengera Ndalama za Sukulu

Inu akuno ku Mchinji amene muli ndi ana mu Sitandade 8, mwezi uno tifuna kuphunzira nanu masamu a pakhomo. Maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere chiyambire chaka cha 1994, kotero makolo ambiri ayamba kuona kalata yofuna ndalama zambiri pamene mwana asankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Ndipo nthawi ya pakati pa kumva kuti mwana wasankhidwa ndi tsiku lotsegulira sukulu mu Seputembala ndi yaifupi ndithu. Pamenepo mbuzi zigulitsidwa pa mtengo wolira, ndipo ena agwa m'katapira. Tsono tifunsa: kodi munthu aziika padera ndalama zingati mwezi ndi mwezi kuti tsikulo limpeze ali nazo?

Tiyerekeze bambo wina wa kwa Mkanda, wolima mtedza ndi soya, amene ayamba kusunga mu Novembala. Mitengo imene tilemba pano ndi yongophunzirira. Inu mukafunse yeniyeni kwa mphunzitsi wamkulu, kapena kwa kholo limene mwana wake ali kale pa sukulupo.

Poyamba bamboyo alembe zonse zimene zidzafunika, osati fizi yokha ai. Tinene kuti fizi ya teremu yoyamba ndi K150,000. Yunifolomu, nsapato, bulangete, ndowa ndi makope zidya K90,000, ndipo ulendo ndi sopo K20,000. Zonse pamodzi zikwana K260,000. Koma imeneyi ndi mitengo ya lero, ndipo iye adzagula chaka cha mawa. Tonse tikumbukira kuti mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo amene anasunga ndalama yokwanira nsapato anaipeza yosakwanira. Chifukwa chake ife tiyesa kwabwino kuwonjezerapo gawo limodzi la magawo asanu, ndilo K52,000. Tsopano chofunika ndi K312,000. Bamboyo ali nayo kale K32,000 imene inatsala pa malonda a chaka chino. Akaichotsa, yotsala yoti asunge ndi K280,000.

Chachiwiri, awerenge miyezi. Apa ambiri aphonya, pakuti awerengera ndi Seputembala yemwe, kuiwala kuti telala afuna nthawi yosokera, ndi kuti ndalama ya kumapeto kwa Seputembala ifika mwana atapita kale. Mwezi womaliza kuikamo ndi Ogasiti. Werengani pa zala kuyambira Novembala kufikira Ogasiti: miyezi 10. Gawani K280,000 ndi 10, ndipo mupeza K28,000 pa mwezi. Lamulo lake ndi lomwelo: chofunika, kuchotsapo chimene chilipo, kugawa ndi miyezi yotsala.

Kwa mphunzitsi kapena kalaliki wolandira malipiro pa kutha kwa mwezi, masamu atha pomwepa. Koma mlimi salandira chotero. Kodi ndani mwa ife angaike K28,000 padera mu Febuluwale, nkhokwe ili pululu, ana akudya kamodzi pa tsiku? Bambo wathu akalonjeza zimenezi adzinyenga yekha. Ayenera kunena zoona, kuti mu Januwale, Febuluwale ndi Malichi sadzaikamo kanthu. Miyezi yeniyeni itsala 7, ndipo K280,000 kugawa ndi 7 ndi K40,000. Taonani, ndalama yofunika ndi yomweyo, tsiku ndi lomwelo, koma katundu wa pa mwezi wakula ndi K12,000 chifukwa cha kuwerenga moona.

Ngakhale miyezi 7 imeneyi siilingana. Mu Novembala ndi Disembala ndalama ipita ku mbewu ndi fetereza, ndipo mu Epulo zokolola zingoyamba kumene. M'miyezi itatu imeneyi aikemo K20,000 mwezi uliwonse, ya ku dimba kapena ya ganyu, ndiyo K60,000. Yotsalayo, K220,000, igwera Meyi, Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene soya ndi mtedza zili pa sikelo ku Kamwendo ndi ku Kapiri: K55,000 mwezi uliwonse. Akadziwa chiwerengero chimenechi mvula isanagwe, angathe kupatula mizere ina ya m'munda nanena, Mtedza uwu ndi wa sukulu.

Zonsezi zilembedwe m'kope, mizere iwiri: zimene anafuna kuika, ndi zimene anaikadi. Mayi wa pakhomo aione kopeyo, pakuti ndalama yodziwa munthu mmodzi isowa msanga. Pa kutha kwa Epulo payenera kukhala K92,000, ndiyo K32,000 yakale ija ndi K60,000 yatsopano. Tinene kuti mu Disembala munagwa maliro, ndipo K20,000 ya mweziwo siinaikidwe. Bamboyo asataye mtima, angowerenganso: yotsala ndi K240,000, miyezi ndi 4, ndiyo K60,000 pa mwezi. Kuperewera kodziwika mu Epulo kuwonjezera K5,000 yokha pa mwezi. Kodziwika mu Ogasiti kufuna K20,000 tsiku limodzi.

Nanga ndalamayo ikhale kuti? Ambiri ali m'magulu a banki m'khonde, ndipo phindu lake lithandiza. Koma funsani tsiku logawana musanalowe. Magulu ambiri agawana mu Disembala, ndipo ndalama imene mufuna mu Ogasiti idzakhala m'manja mwa anzanu amene anaikongola. Phindulo musaliwerengere m'kope kufikira litafika m'dzanja lanu. Chimodzimodzi matumba a mtedza osungidwa kudikira mtengo: akagwira chinyontho achita chuku, ndipo wogula awakana. Inu amene muchita malonda kapena ntchito tsidya la Mwami, ku Chipata, lembani m'kope ndalama ya Malawi imene mwalandira mutasintha, pakuti kwacha ya Zambia ndi ina, ndipo mtengo wosinthira sukhazikika. Bulangete ndi ndowa mugule mu Juni ndalama ikangopezeka, ndi kuchotsa mtengo wake pa chofunika. Koma yunifolomu idikire kufikira mutadziwa sukulu, ndipo nsapato zidikire phazi, pakuti likula.

Chatsala chinthu chimodzi cholemera, chimene bambo wathu sanachiwerengere. Chaka cha sukulu chili ndi materemu atatu. Yoyamba iyamba mu Seputembala, m'thumba muli kanthu. Koma yachiwiri iyamba mu Januwale, pakati pa njala, ndipo yachitatu mu Epulo, mtedza wambiri usanagulitsidwe. Ana ambiri amene alowa bwino mu Fomu 1 abwezedwa kwao mu teremu yachiwiri. Wa malipiro angagawe K150,000 ndi miyezi 4, Seputembala kufikira Disembala, napeze K37,500 pa mwezi. Koma mlimi akolola kamodzi, kotero fizi ya materemu awiri otsatirawo, K300,000, iyenera kutuluka m'zokolola zomwe zija. Akaigawa pa miyezi 4 ya malonda, ndi K75,000 pamwamba pa K55,000, ndiyo K130,000 pa mwezi kuyambira Meyi kufikira Ogasiti.

Chiwerengero chimenechi chidzaopsa ena, ndipo bamboyo angapeze kuti munda wake sungachikwanitse. Akatero, ino ndiyo nthawi yokhala pansi ndi amalume a mwanayo ndi abale ena, kuti aliyense anene teremu imene adzasenza, ndi kufunsa ku sukulu ngati alola kulipira pang'ono pang'ono. Amene afuna kuti tiwerengere pamodzi abwere ndi kope lao ndi mitengo ya sukulu yao Loweruka m'mawa.