Kubwereza Moni Si Kuiwala Ayi

Ana a sukulu ena amaseka akamva akulu akupatsana moni kawiri kapena katatu tsiku lomwelo. Amayesa kuti akuluwo aiwala. Koma si tero ayi.

Taonani munthu wochokera ku Chiradzulu amene wadzacheza kwa mlongo wake ku Ndirande. Mlamu wake akamchingamira ku Limbe kumene atsikira basi, nati, "Moni alamu," namlandira katundu. Umenewu ndi moni wa panjira chabe. Munthu ali chiimire pakati pa anthu sanganene za kumudzi.

Pofika kunyumba ampatsa mpando kuti apumule. Pamenepo mlamu yemweyo afunsa, "Muli bwanji alamu?" Mlongo wake agwada nafunsanso, ndipo ana atsatira mmodzimmodzi, ngakhale onse amva kale yankho. Mlendo ayankha aliyense, pakuti mwana wosapereka moni wake amchititsa manyazi bambo wake.

Tsono afunsa kachitatu, "Nanga kumudzi mwasiyako bwanji?" Apa ndipo pamatuluka zenizeni. Uja anati "Ndili bwino" ku Limbe, tsopano ati, "Kuli bwino pang'ono, koma amayi ndiwo sakudzuka." Nkhani ya matenda kapena ya maliro sayamba nayo msangamsanga, amayamba akhazikika mtima.

Woiwala amadziwika pofunsa funso lomwelo osasintha. Wodziwa mwambo mafunso ake amasuntha, kuchokera kwa mlendo kunka kwa amene atsala kumudzi.

Koma mu ofesi ku Blantyre, anthu ali pamzere, moni umodzi ukwanira.