Malangizo: Mwana Akamapuma Mofulumira

Lero tikambe za chibayo, matenda a m'mapapo amene amalanda ana aang'ono mwachangu.

Amayi, abambo, agogo, mwana akamatsokomola musangomvera chifuwacho. Muvuleni malaya, mumugoneke pamiyendo, mudikire akhale bata, osalira, osayamwa. Kenako yang'anani mpweya wake. Kodi akupuma mofulumira, mwawefuwefu, ngati wathamanga pomwe wangogona? Chimenecho ndi chizindikiro cha chibayo. Pitani naye lero lomwe kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo.

Chachiwiri, yang'anani m'munsi mwa nthiti. Mwana wabwinobwino akamakoka mpweya, chifuwa chimatukuka. Koma pansi pa nthiti pakamalowa m'kati nthawi iliyonse akakoka mpweya, mapapo akuvutika. Apa musadikire kuti kuche, musayambe mwafuna mankhwala kugolosale. Nyamukani. Panjira m'funditseni, pitirizani kumuyamwitsa. Akalephera kuyamwa, akakomoka kapena akafooka kwambiri, uzani anamwino mukangofika, musaime pamzere.

Tibwereze: kupuma mofulumira, nthiti kulowa m'kati, thamangirani kuchipatala lero lomwe.