Mwambi ukawoloka kupita m'Chingerezi: kuyesa ngati chiganizo chaima

Tsegulani makope, mulembe pamwamba mwambi uwu: Mutu umodzi susenza denga. Pansi pa liwu lililonse ikani liwu la Chingerezi lofanana nalo, osasintha malo ake, osaonjezerapo kanthu. Ambiri mupeza izi: "Head one not carry roof." Musaseke, ndi mmene ntchitoyi imayambira. Mzungu akhoza kungoganizira chimene mukunena, koma woona mayeso a MANEB adula mzere wofiira kuyambira liwu loyamba mpaka lomaliza. Tiyeni tione pamene pathyoka.

Poyamba ndi pa "head one". M'Chichewa dzina limatsogola ndipo nambala imabwera pambuyo: mutu umodzi, mbuzi ziwiri, ana atatu. Chingerezi chimatembenuza, nambala patsogolo, dzina pambuyo. Choncho tilemba "one head". Kupatula pamenepa, mawu ena onse ali m'malo mwake, chifukwa zilankhulo ziwirizi zimagwirizana poika mwininkhani poyamba, mneni pakati, pamtherankhani kumapeto.

Ntchito yaikulu ili pa liwu lakuti susenza. Pamaso likuoneka ngati liwu limodzi, koma muli zinthu zitatu. Muli si- wokana, muli u- amene ndi mgwirizanitsi wa dzina lakuti mutu, ndiye muli senza. Si- ndi u- akakumana amasanduka su-. Kuti muone kuti u- alimodi, sinthani dzinalo: mitu iwiri siisenza, dzanja limodzi silisenza. Wophunzira wochenjera akazindikira u- ameneyu amafuna kumupatsa malo m'Chingerezi, ndipo amalemba "One head it not carry roof." Apa walakwitsa chifukwa cha nzeru zake zomwe. M'Chichewa mgwirizanitsi sachoka ngakhale dzina litatchulidwa kale. Timati "Bambo anga akudwala", a- ali pomwepo. M'Chingerezi dzina likakhalapo, mlowam'malo saloledwanso kukhala nalo pampando umodzi. N'chifukwa chake m'zimangirizo zanu ndimapezamo "My father he is sick". Chimenecho n'Chichewa chovala jekete. Fufutani "it".

Tsopano kukana. Chingerezi cha masiku ano sichilola "not" kuima yekha kutsogolo kwa mneni ngati "carry". Pamafunika mneni wothandizira, ndipo ngati palibe wina aliyense, amabwereka "do". Popeza mutu ndi umodzi, "do" asanduka "does". Chenjerani pano: chizindikiro cha umodzi chimaikidwa kamodzi kokha. Chikapita pa "does", mneni weniweni atsala wopanda kanthu. "Does not carries" ndi cholakwa chimene ndimachidula chaka ndi chaka.

Chatsala ndi denga. Ife timangoti denga basi, womva amadziwa yekha ngati tikunena denga lina lililonse kapena lija takambirana kale. M'Chingerezi dzina la chinthu chowerengeka, chikakhala chimodzi, siliyenda lokha. Lifuna "a" kapena "the" patsogolo. Mwambi sukunena za denga la nyumba ya uje, ukunena denga lililonse, ndiye tisankha "a". Chiganizo chathu chafika apa: "One head does not carry a roof." Werengani mawu. M'Chichewa anali anayi, tsopano ndi asanu ndi awiri, ndipo "does" ndi "a" sakuimira liwu lililonse la m'mwambi.

Nanga mudziwa bwanji kuti chiganizochi chaima, mphunzitsi palibe? Khutu lokha musalikhulupirire, chifukwa khutu lanu linakulira m'Chichewa ndipo limavomereza zimene linazolowera. Chigwedezeni chiganizocho. Chisandutseni funso: "Does one head carry a roof?" Mneni wothandizira wadumphira kutsogolo bwinobwino. Yesani zomwezo pa "One head not carry roof" muone. Palibe choti mupititse kutsogolo, ndipo pompo mwadziwa kuti china chikusowa. Kenaka chulukitsani mwininkhani: "Two heads do not carry a roof." Ngati mneni wasintha mogwirizana ndi dzina, mfundo zake zagwirana. Mukhozanso kuchotsa mawu a mwambiwo n'kuikamo mawu wamba amene mumawadziwa bwino, monga "One boy does not eat a mango." Chikamveka bwino chimenechi, ndiye kuti chinzake chija chamangidwanso bwino.

Galamala yakhoza. Koma funsani munthu wa ku London amene sanapondeko kumudzi kuti wamva chiyani. Iye denga amalidziwa ngati chinthu chokhomedwa pamwamba pa nyumba, chimene palibe amene amachinyamula. Sanaonepo denga la nkhokwe likumangidwa pansi, kenaka amuna angapo n'kulowa kunsi kwake, kulikweza ndi kukaliveka pamwamba. Liwu lakuti "carry" silinenanso kuti katunduyo ali pamutu. Ife timasiyanitsa kusenza, kubereka ndi kunyamula m'manja, pamene Angerezi zonsezi amazinena ndi liwu limodzi. Palinso vuto lina lobisika. "One head does not" ikhoza kumveka ngati pali mitu ingapo, ina ikusenza, umodzi wokha ndiwo ukukana. Mwambi wathu ukunena za kulephera, osati kukana. Ine ndingalembe "A single head cannot carry a roof", ngakhale m'Chichewa mulibe liwu lakuti sungathe. Ena amathamangira mwambi wa Chingerezi wonena kuti mitu iwiri iposa umodzi, poti nawonso watchula mutu. Umenewo umanena za kuthandizana maganizo basi, pamene wathuwu umagwiranso pa maliro, pa ukwati ndi pa ntchito ya manja.

Tengani mwambi wachiwiri, umene msampha wake ndi wina: Walira mvula walira matope. Liwu ndi liwu, mupeza "He has cried rain, he has cried mud." Mukachiyesa ndi funso chikhoza: "Has he cried rain?" Komatu tanthauzo lathawa. M'Chingerezi chimene chimatsatira "cry" mwachindunji ndi chimene chikutuluka mwa munthuyo, monga misozi, kotero mwanena kuti m'maso mwake mukutuluka mvula ndi matope. Kulira kwa m'mwambiwu ndi kupempha, ndipo kumafuna mperekezi "for".

Onaninso kuti walira awiriwa safanana ngakhale amalembedwa chimodzimodzi. Tchulani mwambiwo mokweza mumve: pa woyamba liwu limakwera pa wa-, chifukwa akutanthauza "amene walira". Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu, ndiye womasulira ndi maso okha amaona ziganizo ziwiri zofanana n'kuzilekanitsa ndi mpatuliro. Chikhalirecho chiganizo n'chimodzi, ndipo "walira mvula" yense ndiye mwininkhani wake. Chingerezi chifuna "whoever", liwu limene likutipulumutsanso ku "he", pakuti wa- sanena ngati wolirayo ndi mwamuna kapena mkazi. Nthawi ya mneni isinthenso: choonadi cha masiku onse Angerezi amachinena m'nthawi yatsopano. Tilemba "Whoever cries for rain cries for mud." Apa "rain" ndi "mud" sizifuna "a", chifukwa m'Chingerezi mvula ndi matope siziwerengeka.

Ntchito ya kunyumba ndi mwambi uwu: Safunsa anadya phula. Lembani mizere itatu, wa liwu ndi liwu, wokonzedwa galamala, ndi wofunsa funso. Musanayambe, dzifunseni kuti Safunsa pamenepa ndi mneni kapena dzina. Makope ndiwafuna Lolemba m'mawa.