Mizere itatu pa chithunzi cha pa foni: kuwerenga galafu ya kalembera

Pa misonkhano ya chitukuko alangizi amakonda kupachika pepala lalikulu lokhala ndi mizere yokwera ndi kutsika. Pepala lotere limatchedwa galafu. Msonkhano ukatha iwo amapinda pepala lawo n'kunyamuka, ndipo mlembi wa komiti amangotsala ndi chithunzi chimene wajambula pa foni. Kumudzi amfumu akufuna kumva zimene pepalalo likunena, koma simungawapatse foni kuti aziyang'ana timizere. Pamafunika mawu ochepa omveka ndi manambala ochepa oikidwa bwino. M'phunziro lino tisandutsa chithunzi chotere kukhala ndime imodzi ndi tebulo limodzi.

Galafu yathu ndi ya chiwerengero cha anthu m'maboma atatu oyandikana: Dowa, Ntchisi ndi Kasungu. Manambala ake ndi a kalembera amene amachititsa a National Statistical Office, ofesi ya boma yomwe ili ku Zomba. Tatenga akalembera anayi: wa 1987, wa 1998, wa 2008 ndi wa 2018. Boma lililonse lili ndi mzere wake, ndipo pa mzere uliwonse pali timadontho tinayi, kamodzi pa kalembera aliyense.

Yambani ndi chithunzicho

Musanawerenge nambala iliyonse, onani ngati chithunzi chagwira zonse. Pafunika kuoneka mutu wa galafu, zaka zolembedwa m'munsi, manambala olembedwa kumanzere, ndiponso kabokosi kofotokoza kuti mzere uti ndi wa boma liti. Kabokosi aka ndi kamene kamadulidwa kawirikawiri, chifukwa kamakhala pakona ndipo wojambula maso ake amakhala pa mizere. Kakasowa, musaganizire. Pemphani chithunzi china.

Kenaka onani ngati chithunzicho chili chopendekeka. Mzere wa m'munsi, pamene pali zaka, uyenera kugona mofanana ndi m'mphepete mwa foni. Ngati wakwera mbali ya kumanja, mizere yonse idzaoneka yokwera kwambiri kuposa mmene ilili. Munthu akajambula ataima pambali, mbali ya pepala imene ili kutali naye imaoneka yaing'ono. Mudzazindikira zimenezi poona kuti manambala a mbali ina ndi aakulu kuposa a mbali inzake. Mankhwala ake ndi osavuta. Pa galafu zambiri pamakhala timizere tosaoneka kwambiri tochoka pa nambala iliyonse ya kumanzere kupita kumanja. Timizere timeneti timapendekeka limodzi ndi pepala, choncho mukamatsata ito, osati m'mphepete mwa foni, simusochera.

Kuwala kwa dzuwa kapena kwa foni kumafufuta mitundu. Mzere wobiriwira ndi wabuluu umatha kuoneka ngati umodzimodzi, makamaka ngati pepalalo lidachita kufotokopedwa. Zikatero yang'anani zizindikiro zina: mzere wina umakhala wodukizadukiza, wina umakhala ndi timabokosi m'malo mwa timadontho. Ikani chala pa mzere umodzi kumanzere, muutsate mpaka kumapeto, musanapite pa wina.

Manambala a kumanzere

Pa galafu yathu manambala a kumanzere akuyambira pa 0, kenaka 100, 200, mpaka 900. Pamwamba pawo palembedwa kuti manambalawa ndi a masauzande. Ndiye kuti 300 akutanthauza anthu 300,000. Mukaiwala mawu amenewa mudzauza amfumu kuti boma lonse la Dowa lili ndi anthu osakwana 800, chikhalirecho anthu otere mungawapeze pa msika wa Mponela tsiku limodzi.

Tiyeni tiwerenge kadontho kamodzi pang'onopang'ono. Pezani chaka cha 2018 m'munsi. Kwerani molunjika mpaka mufike pa mzere wa Dowa. Kuzani chithunzicho ndi zala ziwiri kuti kadontho kaoneke bwino. Kali pakati pa kamzere ka 700 ndi ka 800. Tsopano gawani mpata umenewo pakati ndi maso: pakatipo ndi 750. Kadontho kadutsa pakati pang'ono, koma sikanafike pa 800. Tinena kuti 770, kutanthauza anthu pafupifupi 770,000.

Buku la kalembera likuti mu 2018 ku Dowa kudawerengedwa anthu 772,569. Sitinalakwe, koma onani kuti nambala yonseyi simungaione pa chithunzi, ngakhale maso anu atakhala akuthwa motani. N'chifukwa chake mawu oti "pafupifupi" sayenera kusowa. Munthu amene walemba nambala yathunthu mpaka kumapeto, koma akuti waitenga pa chithunzi cha galafu, wangoipeka.

Mu 1987 pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Mukayang'ana mukuona timadontho tiwiri, pamene maboma ndi atatu. Palibe kamene kasowa. Chaka chimenecho Dowa ndi Kasungu anali ndi anthu pafupifupi ofanana, kungosiyana ndi anthu pafupifupi 1,000, ndiye kadontho kena kakhala pamwamba pa kanzake. Umboni wake ndi woti pa kadontho kamodziko pakutuluka mizere iwiri.

Kusankha zolowa mu tebulo

Timadontho tonse tilipo 12, koma sitikopera tonse. Tebulo la manambala ofunika limatenga poyambira, pothera, ndi pamene padachitika chachilendo. Pa galafu ino chachilendo chikuoneka mu 1998, pamene mizere ya Dowa ndi Kasungu yatalikirana. Chaka cha 2008 tachisiya chifukwa mizere idangopitiriza mmene imayendera.

Chiwerengero cha anthu, mongoyerekeza kuchokera pa galafu

| Boma | 1987 | 1998 | 2018 |
|---|---|---|---|
| Kasungu | 320,000 | 480,000 | 840,000 |
| Dowa | 320,000 | 410,000 | 770,000 |
| Ntchisi | 120,000 | 170,000 | 320,000 |

Tebulo lili ndi mutu wonena chimene chikuwerengedwa, komanso likuvomera kuti manambalawa ndi ongoyerekeza. Talemba manambala athunthu, ndi maziro ake, kuti wowerenga asavutike kukumbukira za masauzande zija.

Tebulo likangokhala pamaso panu, zinthu zina zimayamba kuonekera zokha. Chotsani 410,000 pa 480,000: mupeza 70,000. Chotsaninso 770,000 pa 840,000: mupezanso 70,000. Ndiye kuti mpata wa pakati pa Kasungu ndi Dowa udatseguka m'zaka 11 zoyambirira, ndipo m'zaka 20 zotsatira sudakule kwenikweni. Bwererani pa chithunzi mukaone: kuyambira 1998 mizere iwiriyi ikukwera limodzi, osayandikirana, osatalikirana.

Mzere umene umanamiza maso

Mzere wa Ntchisi uli pansi penipeni ndipo ukukwera mofatsa. Munthu wothamanga angalembe kuti ku Ntchisi anthu sakuchuluka kwambiri. Apa mpamene pafunika kudekha, chifukwa funso loti "ndani akukula msanga" lili ndi mayankho awiri.

Tikafunsa kuti kwaonjezeka anthu angati, Dowa ndiye ali patsogolo pa Ntchisi. Kuchoka pa 320,000 kufika pa 770,000 ndi anthu oonjezera 450,000, pamene ku Ntchisi kwaonjezeka 200,000 okha. Kukwera kwa mzere pa galafu kumaonetsa zimenezi.

Koma tikafunsa kuti anthu achuluka kangati poyerekeza ndi pamene adayambira, nkhani itembenuka. Tengani 120,000 ya Ntchisi, muichulukitse kawiri ndi theka: mupeza 300,000. Ntchisi wadutsa pamenepo, wafika pa 320,000. Chitani chimodzimodzi ndi 320,000 ya Dowa: mupeza 800,000, ndipo Dowa sanafikepo. Choncho boma laling'onoli lakula mofulumirapo kuposa Dowa. Kwa munthu woganiza za malo olima m'mapiri a ku Ntchisi, kapena za mipando ya ana m'sukulu, yankho lachiwirili ndi limene likumukhudza, ngakhale maso saliona pa galafu. Limatuluka mu tebulo basi.

Kulemba ndime

Ndime yabwino imayamba ndi kunena kuti galafu ndi ya chiyani, ya kuti, ndiponso ya zaka ziti. Kenaka inene chimene mizere yonse ikuchita, isanalowe pa kusiyana kwake. Musafotokoze mzere umodzi chaka ndi chaka kenaka wina chaka ndi chaka, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya tebulo. Nayi ndime yathu:

"Galafu iyi ikuonetsa chiwerengero cha anthu m'maboma a Kasungu, Dowa ndi Ntchisi pa akalembera a 1987 mpaka 2018. M'maboma onse atatu anthu akhala akuchuluka, ndipo palibe mzere umene udatsikapo. Kasungu ndi Dowa adayamba mofanana, ndi anthu pafupifupi 320,000, koma pofika 1998 Kasungu adali patsogolo ndi anthu pafupifupi 70,000, ndipo mpata umenewu udali chimodzimodzi mu 2018. Ntchisi ali ndi anthu ochepa pa onse, koma chiwerengero chake chakwera kuposa kawiri ndi theka. Mu 2018 adafika pafupifupi pamene Dowa adali mu 1987."

Ziganizo zisanu zakwana. Taonani kuti m'ndimeyi mulibe mawu oti "chifukwa". Pokambirana m'kalasi wina adzanena kuti Kasungu adatsogola chifukwa cha anthu obwera kudzagwira ntchito m'maesiteti a fodya. Wina adzatchula msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, umene udatsegulidwa ku Dowa mu 1994. Maganizo amenewa ndi oyenera kukambirana, koma galafu siinanene zimenezo. Iyo yangowerenga anthu. Ngati mukufuna kuonjezera maganizo anu, alembeni pa ndime ina, ndipo munene poyera kuti ndi anu.

Chenjeraninso ndi mzere wolumikiza timadontho. Pakati pa 1998 ndi 2008 sipadachitike kalembera wina. Mzerewo adangoujambula kuti maso aziyenda bwino kuchoka pa kadontho kena kufika pa kanzake. Mukaika chala pa 2003 mutha kupeza nambala, koma musalembe kuti anthu amenewo adawerengedwa.

Ntchito

1. Pa galafu yathu kadontho ka Dowa ka 2008 kali pakati pa 500 ndi 600, kapitirira pakati pang'ono. Lembani nambala yake yathunthu, osaiwala mawu ofunika aja.

2. Gwiritsani ntchito tebulo kupeza kuti ku Kasungu kudaonjezeka anthu angati pakati pa 1987 ndi 2018. Kodi adadutsa kawiri ndi theka?

3. Tengani kabuku ka mwana ka ku sikelo. Jambulani tsamba la mizere kawiri, koyamba foni italunjika pamwamba pa tsamba, kachiwiri mutaima pambali. Werengani kulemera kwa mwanayo pa mwezi umodzi womwewo pa zithunzi zonse ziwiri, ndipo muuze anzanu ngati manambala afanana.