Phunziro: Kufupikitsa kafukufuku kuti akwane mawu 250

Wophunzira wa digiri yachiwiri kapena yachitatu akamaliza kafukufuku, amaima pamaso pa aphunzitsi omuyesa n'kufotokoza zomwe wapeza. Polankhula amaonetsa masilaidi, masamba a pa kompyuta omwe amawalitsidwa pakhoma. Koma koyambirira kwa buku lake kumafunikanso chidule cha ntchito yonse. Yunivesite imaika malire a mawu, ndipo malirewo amasiyana: kwina 150, kwina 250, kwina 350. Choyamba tsono ndi kuwerenga malamulo a sukulu yanu.

Silaidi imadalira pakamwa pa mwini wake. Pamakhala chithunzi ndi timawu tinayi, zotsalazo amanena yekha. Chidule chimawerengedwa mwini wake palibe, mwina ndi munthu wa ku Kenya amene wachipeza pa intaneti. N'chifukwa chake kungokopera mitu ya masilaidi n'kuilumikiza sikuthandiza. Pamafunika ziganizo zathunthu.

Tiyerekeze kuti mayi wina wophunzira zaulimi anafufuza kasungidwe ka chimanga m'matumba osalowa mpweya otchedwa PICS. Ali ndi masilaidi 20 ndipo malire ake ndi mawu 250. Akagawa mofanana, silaidi iliyonse ilandira mawu 12 kapena 13 okha, ndipo palibe chingamveke. Ayenera kuyamba ndi kutaya. Silaidi ya mutu ichoke. Ya mndandanda wa mabuku ichoke, pamodzi ndi yothokoza. Atatu onena zomwe ofufuza ena analemba kale achokenso, pakuti chidule sichitchula mabuku a ena. Atsala masilaidi 14.

Otsalawo awaunjike pa mafunso asanu: vuto n'chiyani, ndinkafuna kudziwa chiyani, ndinachita bwanji, ndinapeza chiyani, ndipo zikutanthauzanji? Asanalembe kanthu agawiretu mawu, monga mmene munthu amagawira ndalama asanalowe mumsika. Vuto lilandire mawu 40, cholinga 30, njira 60, zopeza 90, tanthauzo 30. Onse pamodzi ndi 250.

Taonani kuti gawo lalikulu lapita ku zopeza. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amayambira pa silaidi yoyamba, n'kulongosola bwinobwino za njala, za kufunika kwa chimanga m'Malawi ndi za kuipa kwa anankafumbwe. Pofika pa zomwe anapeza, mawu atsala 20 okha, basi n'kulemba kuti "zotsatira zafotokozedwa m'bukuli". Chiganizo chimenechi sichiuza wowerenga kanthu. Zoti anankafumbwe amaononga chimanga aliyense akudziwa kale, koma zomwe mayiyu anapeza akudziwa ndi iye yekha. Choncho ndi bwino ayambe kulemba zopeza, vuto alembe pomaliza.

Masilaidi a zopeza alipo 6, ambiri ndi matebulo ndi magirafu. Zimenezi sizilowa m'chidule. Pa girafu iliyonse adzifunse kuti, "Nditaonetsa iyi ndinanena chiyani?" Yankho lake ndilo chiganizo chofunika. Asankhe zopeza ziwiri kapena zitatu zomwe zikuyankha cholinga, ndipo atchule nambala yeniyeni. Kulemba kuti "chimanga chinasungika bwino" n'kosakwanira. Anene kuti pa maso 100 aliwonse, ndi angati anafumbwa m'thumba la PICS, ndi angati m'thumba wamba, ndiponso patatha miyezi ingati. Pa njira anene malo, nthawi, kuchuluka kwa matumba ndi mmene anayezera.

Akalemba koyamba, kawirikawiri mawu amapitirira. Asafufute mfundo, adule mawu ongodzaza malo. Onani chiganizo ichi: "Kafukufuku ameneyu anachitika ndi cholinga chofuna kuona ngati matumba a PICS angathandize kuteteza chimanga." Chili ndi mawu 14. Tsopano onani ichi: "Tinafufuza ngati matumba a PICS amateteza chimanga." Mawu ndi 7, koma nkhani ndi yomweyo. Zidule zambiri zimalembedwa m'Chingerezi, koma kadulidwe kake n'kofanana. Powerenga mawu asagwiritse chala. Mu Microsoft Word asankhe ndime ya chidule yokhayo, apite pa Review, adine Word Count. Aonenso m'malamulo ngati mutu umawerengedwa nawo.

Pali msampha wina. Masilaidi amakonzedwa mayeso asanachitike, ndipo oyesa nthawi zambiri amalamula kuti zina zikonzedwe. Nambala ya pa silaidi ikhoza kusiyana ndi ya m'buku lomaliza. Nambala iliyonse ya m'chidule aiyerekeze ndi ya m'buku, osati ya pa silaidi. Akatero apatse mnzake amene sanaone masilaidi kuti awerenge. Mnzakeyo akalephera kunena zomwe zinapezeka, gawo la zopeza lilembedwenso.

Tsopano yesani inu. Ngati malire ndi mawu 150, gawani mawuwo pa mafunso asanu aja, ndipo mufotokozere gulu lanu chifukwa chake mwagawa chotero.