Za Mawu Awiri a Chingerezi: Borrow ndi Lend

Abale, pa mwezi uno tiphunzira mawu awiri amene asokoneza ambiri a ife polemba kalata. Mlandu suli pa ulesi wa ophunzira ayi, koma pa ichi, chakuti m'chinenero chathu liwu limodzi, kubwereka, ligwira ntchito mbali zonse ziwiri, pamene Angerezi ali nawo mawu awiri.

Tiyese munthu wa ku Mbulumbuzi afuna kupita ndi nandolo wake ku Namadzi, ndipo alibe njinga. Apita kwa amalume ake, napempha. Pobwera anena, "Ndabwereka njinga kwa amalume." Apo Mngerezi ati, "I borrowed a bicycle from my uncle." Koma munthu yemweyo akhoza kunenanso, "Amalume andibwereka njinga," ndipo apo liwu lisanduka lend: "My uncle lent me a bicycle." Njinga ndi imodzi, ulendo ndi umodzi, chasintha ndi mwini ntchito m'chiganizomo. Wolandira achita borrow, mwini chinthu achita lend. Penyetsetsaninso kuti pa zakale borrow akhala borrowed, koma lend akhala lent.

Chifukwa chake mwana amene ati kwa mnzake, "Borrow me your pen," watenga "ndibwereke cholembera" nachiveka malaya a Chingerezi. Ayenera kuti, "Lend me your pen," kapena, "May I borrow your pen?" Chizindikiro chake nachi: pamene ife tinena "kwa uje," borrow atsatana ndi from, pamene tiika munthu m'kati mwa mneni, monga andibwereka, tamubwereka, liwu ndi lend. Wofuna kuti pasakhale chikayiko anene kubwereketsa, pakuti wobwereketsa ndiye mwini nthawi zonse.

Komatu pa chinthu china ife tiposa Angerezi. Khasu, mtondo ndi njinga tibwereka, popeza chibwerera chomwecho. Ndalama tikongola, pakuti tizidya ndi kubweza zina; mwini ndalama akongoza, ndipo chotsala pakati pawo ndi ngongole. Mngerezi alibe kusiyanitsa kotere: pa khasu ndi pa ndalama pomwe ati borrow ndi lend basi.

Pa ndalama ndipo pali choopsa. Tinene kuti mwakongoza mnansi wanu K5,000, ndipo iye akana kubweza. Mulemba kalata ya mlandu, nimuti, "I borrowed him 5,000 kwacha." Wowerenga aona borrowed, nayamba kuganiza kuti wangongole ndinu, aonanso kuti from palibe, nasowa pogwira. Kalata imene inayenera kukuchitirani umboni yasanduka chothawirapo cha mnzanuyo. Lembani, "I lent him 5,000 kwacha," ndipo iye asaine pansi pa mawu akuti, "I borrowed 5,000 kwacha from him," pamodzi ndi tsiku lobweza.