Kalata Yopempha Masiku Owonjezera Mnzathu Akachoka M'gulu

Chaka chilichonse timalandira makalata ochokera ku magulu amene mnzawo wawasiya ntchito ili pakati. Ambiri mwa makalatawa amadzaza tsamba lonse ndi madandaulo: mnzathuyo anali waulesi, sanatitsanzike, watigwiritsa fuwa lamoto. Tikafika kumapeto timapeza kuti olembawo sananene chimene akufuna. Mphunzitsi sangayankhe dandaulo. Chimene angathe kuvomera kapena kukana ndi tsiku.

Tiyeni titenge chitsanzo. Ophunzira anayi anapatsidwa ntchito yolemba zikonzekero zisanu ndi zitatu za maphunziro a mafulakishoni a Sitandade 4, pamodzi ndi zipangizo zophunzitsira. Aliyense anatenga ziwiri. Kutatsala sabata imodzi, mmodzi anaitanidwa kumudzi, ndipo sabwerera teremu ino. Asanagwire cholembera, otsalawo ayenera kukhala pansi ndi kuwerengera: chatsala n'chiyani, adzachita ndani, kwa masiku angati? Akatero, pansi pa keyala ndi deti alembe motere:

Okondedwa Bambo,

PEMPHO LOWONJEZERA MASIKU A NTCHITO YA MASAMU

Ndikulemba m'malo mwa gulu lachitatu kupempha kuti tidzapereke ntchito yathu Lachitatu pa 19 Meyi, m'malo mwa Lachisanu pa 14 Meyi.

Mnzathu mmodzi wachoka pa koleji pa zifukwa za kumudzi. Iye anali ndi zikonzekero ziwiri za kuphatikiza mafulakishoni, ndipo sanaziyambe. Zathu zisanu ndi chimodzi tidzamaliza pa tsiku limene munatipatsa, ndipo tingathe kukuonetsani. Ziwiri zotsalazo tagawana: awiri adzalemba, wachitatu adzadula makatoni ophunzitsira.

Ngati tsikuli silingatheke, tidzatsata chimene mungatiuze.

Ine wophunzira wanu,

Taonani kuti pempho lili m'chiganizo choyamba, ndipo masiku onse awiri atchulidwa. Mawu akuti “masiku angapo” amasiyira mphunzitsi ntchito yoganizira yekha, ndipo kawirikawiri iye amapereka ochepa. Masiku asanu apemphedwawo sanangotoledwa: muli Loweruka ndi Lamulungu, pamene kulibe makalasi, ndipo zikonzekero ziwiri sizifuna zoposa pamenepo. Gulu limene lingapemphe masabata atatu pa ntchito yomweyi likudziulula lokha kuti ngakhale mbali yake silinayambe.

Za mnzathu wochokayo chiganizo chimodzi chakwana. Kaya ndi matenda, kaya ndi maliro, nkhaniyo ndi yake. Mphunzitsi akafuna kutsimikiza adzafunsa ku ofesi.

Chiganizo chimene chimatifewetsa mtima ife owerenga ndi chija chakuti “tingathe kukuonetsani.” Koma musachilembe ngati mulibe choonetsa, pakuti ena a ife timaitanitsadi.

Kalatayo ifike tsiku lomwe mwadziwa za kuchokako, kapena m'mawa mwake. Ikafika pa 13 Meyi madzulo, mphunzitsi adzafunsa kumene munali sabata yonseyi, ndipo funso limenelo n'lovuta kuliyankha. Onse atatu aiwerenge isanapite, kuti wina asadzakane gawo limene walembedwa.